Kalata ya Sikolashipi Ikafika Pakhomo

Amayi anzanga, tsiku limene mwana alandira kalata yonena kuti wapeza sikolashipi yokaphunzira kunja, pakhomo pamakhala nthungululu. Tsono musanauze abale ndi anansi, khalani naye pansi, akuwerengereni kalatayo pang'onopang'ono ndi kumasulira ndime iliyonse. Kalata yotere ndi pangano. Yoona imapempha mwana wanu kuti akwaniritse zinthu zina pa masiku oikika, pamene yonyenga imapempha ndalama, ndipo imazifuna msanga.

Titenge chitsanzo cha sikolashipi ya Chevening, imene boma la Britain lidayambitsa m'chaka cha 1983. Imeneyi ndi ya anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba ndiponso adagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo imawatumiza ku Mangalande kukachita digiri ya masitazi kwa chaka chimodzi. Wofuna mwayiwu amalembera yekha pa intaneti osalipira kanthu, kenaka amaitanidwa kukafunsidwa mafunso ndi a ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe. Zotsatira zimayamba kutuluka mu Juni, ndipo maphunziro amayamba mu Sepitembala kapena Okutobala.

Funso loyamba pomva kalatayo likhale lakuti: kodi mwayiwu waperekedwa kotheratu, kapena ukudikira zinthu zina? Kalata yoyamba ya Chevening imanena kuti mwana wasankhidwa, koma malo ake adzatsimikizika pokhapokha atakwaniritsa zimene alamula. Chachikulu mwa izo ndi kalata yochokera ku yunivesite ya ku Britain yomulandira kotheratu, yopanda mau akuti “ngati”. Pakuti yunivesite nayo imayamba ndi kulonjeza kuti idzamtenga ngati atumiza satifiketi ya digiri yake, kapena ngati akhoza mayeso a Chingerezi. Motero pali makalata awiri, wina wa opereka ndalama, wina wa sukulu, ndipo woyambayo amadalira wachiwiri. Mwana asasiye ntchito, ndipo inu musagulitse mbuzi zogulira masutikesi, kufikira atalandira kalata yomaliza yotsimikiza.

Chachiwiri ndicho masiku. Tiyerekeze kuti mwana wanu wamkazi walandira kalata pa 16 Juni. Kalatayo ikuti avomere mwayiwu pasanathe masiku 7, ndipo atumize kalata ya yunivesite pofika pa 10 Julayi, 5 koloko madzulo, nthawi ya ku Britain. Tengani kalendala, mulembe 23 Juni ndi 10 Julayi ndi inki yofiira, kenaka muwerenge chobwerera m'mbuyo. Kuyambira pa 16 Juni kufika pa 10 Julayi pali masiku 24 okha. Ngati yunivesite ikudikirabe zotsatira za mayeso a Chingerezi amene iye sadalembe, pafunika kupeza malo olembera, kudikira zotsatira, kuzitumiza, ndi kudikiranso yankho la yunivesiteyo. Masiku 24 angathe kuchepa. Nchifukwa chake ntchito imeneyi iyambe tsiku lomwelo limene kalata yafika, ndipo akaona kuti nthawi simkwanira, alembere opereka sikolashipi tsiku loikikalo lisanakwane, osati litapita.

Samalaninso kalembedwe ka masiku. Ku Britain amayamba ndi tsiku, monga timachitira kuno, koma ku America amayamba ndi mwezi. Kalata ya ku Britain ikalemba 07/08 ikunena 7 Ogasiti, pamene ya ku America ikunena 8 Julayi. Kusokoneza ziwirizi nkutaya mwezi wathunthu.

Palinso masiku ena amene amatsata pambuyo. Munthu wochokera ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe wopita ku Britain kwa miyezi yoposa 6 ayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu asanapemphe viza. Kuyezetsako kumachitika pa chipatala chokhacho chimene boma la Britain lidavomereza, ndipo satifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6. Akayezetsa kwina, ngakhale kwa dokotala wodziwika, pepalalo lidzakanidwa. Pasipoti nayo ionedwe tsiku lake lothera.

Chachitatu, mvetsetsani zimene sikolashipi ilipira ndi zimene siilipira. Chevening imalipira fizi, ulendo wa pa ndege popita ndi pobwera, viza, ndiponso ndalama zodyera ndi za nyumba mwezi uliwonse. Koma ndalamazo nza wophunzira yekha. Mwamuna wake ndi ana saŵerengedwamo. Ngati mwana wanu ali pabanja, kambiranani ndi apongozi nthawi ikadalipo za amene adzasunge adzukulu. Mkati mwa panganolo mulinso lamulo lakuti akamaliza maphunziro abwerere kwao kwa zaka zosachepera ziwiri. M'kalata iliyonse ya mtundu umenewu funafunani ndime yonena chimene chidzachitike mwana akalephera mayeso, akasintha maphunziro kapena akaphwanya pangano, chifukwa ena amalamula kuti ndalama zibwezedwe.

Tsono tione kalata ina. Tiyerekeze kuti mnyamata wanu amene wangolemba mayeso a Fomu 4 walandira uthenga pa foni, wokhala ndi chidindo chokongola ndi mbendera ya Britain. Ukuti wapambana Chevening, ndipo atumize K450,000 yolembetsera pasanathe masiku awiri ku nambala ya foni ya mkulu wina, apo ayi malo ake apatsidwa kwa wina. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Muyeseni ndi mafunso anayi. Kodi adalembera? Iyayi. Kodi adafunsidwa mafunso? Iyayi. Kodi ali ndi digiri? Alibe, pamene sikolashipiyi nja okhawo amene ali nayo. Kodi opereka ndalama angayambe ndi kupempha ndalama? Sizichitika. Chidindo chisakunyengeni, pakuti aliyense angathe kuchikopera pa intaneti.

Ngati kalata yabwera pa imelo, uzani mwana ayang'ane adiresi ya wotumiza, makamaka mau a kumapeto, otsatira chizindikiro cha @. Dzina la tsamba lenileni la sikolashipiyi ndi chevening.org. Adiresi yothera ndi gmail.com, kapena yofanana ndi yeniyeniyo koma yosiyana chilembo chimodzi, ikuchenjezeni. Chenjeraninso ndi kalata yosatchula dzina la mwana, yunivesite kapena maphunziro amene adasankha, ndiponso yokuuzani kuti musauze munthu aliyense.

Nzoona kuti ngakhale mwayi weniweni umadyako ndalama za m'thumba, monga za pasipoti kapena za mayeso a Chingerezi. Kusiyana kwake nkwakuti zimenezi mumalipira ku ofesi yeniyeni yochita ntchitoyo, nimulandira risiti. Simuzitumiza kwa munthu wokulonjezani kuti akonza zonse.

Mukakayika, musaimbe nambala yolembedwa pa kalatayo, pakuti adzayankha ndi wakubayo. Mwana apeze yekha adiresi ya opereka sikolashipi pa tsamba lao, kapena afunse ku ofesi ya kazembe. Asatumize chithunzi cha pasipoti kapena cha chiphaso cha unzika asanatsimikize. Ngati ndalama zapita kale, musabise chifukwa cha manyazi. Sungani mauthenga onse ndi nambala imene mudatumizako, ndipo mudziwitse kampani ya foni ndi apolisi tsiku lomwelo. Auzeninso amayi anzanu kumpingo ndi kuchigayo, chifukwa uthenga umene wafika kwanu watumizidwanso ku nyumba zina zambiri.