Chifukwa Chake Mawu Amaduka pa Zithunzi Zotsatizana

Patchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Chisepo, achemwali anga amene amasoka zovala anandipempha kuti ndiwathandize kuika zithunzi za madiresi awo pa Instagram, kuti ogula a ku Mponela ndi ku Lilongwe aziona. Tinaika zithunzi zisanu mu mpambo umodzi, umene munthu amaseseretsa ndi chala kuti aone chotsatira. Mpambo wotere dzina lake ndi carousel, ndipo unayamba pa Instagram mu 2017. Panapita sabata yathunthu popanda woimba foni. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti nambala ya foni, imene tinailemba m'munsi mwa chithunzi chachiwiri, inali itadulidwa yonse. Tsono ndifuna kufotokozera anzanga chimene chinachitika, pakuti pano pasukulu pali makalabu amene amalengeza zochita zawo mwa njira yomweyi.

Kukula kwa chithunzi kumayesedwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Chithunzi cha mbali zofanana, cholembedwa 1:1, chimakhala ndi mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1080 m'litali. Choimirira, cholembedwa 4:5, chimakhala ndi 1080 m'lifupi koma 1350 m'litali. Mwambo wake ndi wakuti maonekedwe amene mwasankhira chithunzi choyamba ndiwo amakhala ngati zenera loonetsera zinzake zonse. Chimene sichikwana pa zenerapo chimadulidwa, ndipo chotsala ndi chapakati.

Ife choyamba chathu chinali cha mbali zofanana, koma chachiwiri chinali choimirira. Tiyeni tiwerenge. Tikachotsa 1080 pa 1350 patsala 270. Amenewa ndiwo mapikiselo otayika, theka pamwamba ndi theka pansi, ndiye kuti 135 uku, 135 uku. Nambala yathu inali mapikiselo 60 okha kuchokera m'mphepete, kotero inapita pamodzi ndi chodulidwacho. Wokayika atenge pepala la masentimita 8 m'lifupi ndi 10 m'litali, alembe dzina lake m'munsi mwenimweni, kenaka adule sentimita imodzi pamwamba ndi ina pansi. Adzaona yekha kuti dzinalo lagwera pansi.

Pali mpeni wachiwiri umene ambiri saudziwa. Pa tsamba la mwini zithunzi, mpambo uliwonse umaonetsedwa ndi kachithunzi kakang'ono kotengedwa pa chithunzi choyamba. Kale tizithunzi timeneti tinali ta mbali zofanana, koma mu 2025 anatisintha kukhala toimirira, ta 3:4. Kumeneko zimaduka ndi mbali za kumanzere ndi kumanja. Chithunzi cha 4:5 chimataya mapikiselo pafupifupi 34 mbali iliyonse, pamene cha mbali zofanana chimataya 135. Mtengo wa K15,000 wolembedwa m'mphepete kumanzere ukhoza kuoneka ngati 5,000, ndipo wogula adzabwera ndi ndalama zoperewera ali wotsimikiza kuti mwamunamiza.

Mankhwala ake ndinawaphunzira kwa achemwali omwewo. Iwo podula nsalu amasiya malo a msoko, ndipo saika duwa la nsaluyo pamene singano idzadutsa. Ifenso tichite chomwecho. Choyamba, konzani masamba onse pa muyeso umodzi musanalembe kanthu, tinene 1080 kwa 1350. Chachiwiri, jambulani mizere yokutsogolerani, mapikiselo 150 kuchokera pamwamba, 150 kuchokera pansi, ndi 100 kuchokera mbali iliyonse. Pakati padzatsala bokosi la 880 kwa 1050. Dzina, mtengo, tsiku ndi nambala zikhale m'bokosimo. Kunja kwake muikeko zimene simungadandaule zitaduka, monga khoma, thambo kapena udzu.

Nanga chithunzi chogona, chonga chija timajambula timu ya mpira itandanda? Chimenechi ndicho chimapweteka koposa. Cha 4:3 chikalowa pa zenera la 4:5 chimataya magawo awiri mwa asanu a m'lifupi mwake, ndipo osewera a kumapeto amasowa. Musachikakamize. Chiikeni chathunthu pakati pa tsamba loyera la muyeso wanu uja, ndipo mawu muwalembe m'mipata yotsala pamwamba ndi pansi pake, koma osatuluka m'bokosi.

Pomaliza, musanasindikize batani lotumizira, seseretsani zithunzi zonse chimodzi chimodzi ndi kuwerenga mawu ake mokweza. Ngati chilembo chakhudza mphepete, bwererani mukakonze, chifukwa mukatumiza simungabwezeretsenso chimene chadulidwa; mudzayenera kufafaniza mpambo wonse ndi kuyambanso. Ndi bwinonso kubwereza mtengo ndi nambala m'mawu ofotokozera a pansi pa zithunzi, pakuti amenewo mpeni suwafika.

Ife tinafafaniza ndi kukonzanso motero, ndipo ndisanabwerere kusukulu foni ya achemwali inali itayamba kulira.

Wophunzira wa Folomu 3