Kompyuta ikamalemba malire pomwe mzere wowongoka wakanika

Ntchito zambiri zimene timapatsa kompyuta ndi zosiyanitsa zinthu ziwiri: uthenga weniweni ndi wa akathyali, nambala 3 ndi nambala 8 zolembedwa pamanja. Kompyuta imaonetsedwa zitsanzo zimene anthu anazigawa kale, ndipo imafuna malire oti izigwiritsa ntchito ikakumana ndi chinthu chachilendo. Njira imodzi yopezera malirewo ndi sapoti vekita mashini, mwachidule SVM. Maziko ake anayalidwa ndi Vladimir Vapnik ndi Alexey Chervonenkis ku Moscow m'zaka za m'ma 1960.

Tiyeni titenge chitsanzo chaching'ono choti tithe kuwerengera ndi pensulo. Wogula chimanga akufuna matumba a makilogalamu 50. Matumba olemera 49, 50 ndi 51 anawalandira, koma a 46 ndi 47 anawabweza. Kodi malire tiwaike pati? Pa 47.1 atha kugwira, pa 48.9 athanso kugwira, pakuti onsewa akulekanitsa bwino zitsanzo zisanuzi. Koma malire a pa 47.1 ayandikira kwambiri thumba lokanidwa, moti sikelo ikangonama pang'ono, thumba lopepuka lilowa. SVM imasankha 48, pamene patalikirana mofanana ndi mbali zonse.

Taganizani za msewu wolambulidwa pakati pa midzi iwiri, umene tikufuna ukhale wotakata ndithu koma osagumula nyumba ya munthu. Kutakata kwake ndiko akatswiri amati majini, ndipo malire enieni ndi mzere wa pakati pa msewuwo. Amene akuletsa msewu kukula ndi eni nyumba za m'mphepete okha. M'chitsanzo chathu ndi thumba la 47 ndi la 49, ndipo zitsanzo zoterezi ndizo masapoti vekita. Thumba la 46 mutalichotsa, kapena mutabweretsa ena chikwi olemera 51, malire sasuntha. Koma la 47 likangosintha, nawonso malire asintha.

Tsopano wogula uja wayamba kubwezanso matumba olemera mopitirira, a 53 ndi 54. Olandiridwa ali pakati, okanidwa ali uku ndi uku. Dulani paliponse kamodzi, mupeza kuti mbali ina yasakanikirana. Deta yotere ndiyo imanenedwa kuti singalekanitsidwe ndi mzere wowongoka, ndipo deta yambiri ya m'moyo ndi yotero.

Chochita chake n'kusintha kayezedwe. Pa kulemera kwa thumba lililonse tichotsepo 50, kenako yankho tilichulukitse ndi ilo lomwe. Thumba la 47 lipereka -3, ndipo -3 kuchulukitsa ndi -3 ndi 9. La 53 liperekanso 9. A 46 ndi 54 apereka 16, pamene olandiridwa aja apereka 1, 0 ndi 1. Pa muyeso watsopanowu okanidwa onse asonkhana mbali imodzi, ndipo malire otakata ali pa 5, pakati pa 1 ndi 9. Tikabwerera ku sikelo, malire amodziwa asanduka awiri, pafupifupi 47.8 ndi 52.2. Onetsetsani kuti si 48 ndi 52, chifukwa majini yayezedwa pa muyeso watsopano, osati pa makilogalamu.

Ambiri akamafotokoza nkhaniyi amaimira pano, koma kwa ine luso lenileni lili patsogolo. Thumba lili ndi muyeso umodzi. Zithunzi za manambala a pa maenvulopu a positi ya ku America, zimene ofufuza ankayesera njirayi, zinali za timadontho 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, kutanthauza miyeso 256. Kuchulukitsa timadontho tiwiritiwiri m'njira zonse kumabala miyeso 32,896 pa chithunzi chimodzi. Mukati titatutitatu, miyeso ipitirira 2 miliyoni.

Mu 1992, Bernhard Boser, Isabelle Guyon ndi Vapnik, ali ku America, anaonetsa njira yozembera chintchito chimenechi, pogwiritsa ntchito ganizo limene akatswiri ena a ku Moscow analemba mu 1964. Masamu a SVM safuna kudziwa miyeso ya chitsanzo chilichonse payokha. Amangofuna nambala imodzi pa zitsanzo ziwiri zilizonse, yosonyeza kufanana kwake. Nambalayo imapezeka pochulukitsa muyeso woyamba wa ichi ndi woyamba wa icho, wachiwiri ndi wachiwiri, kenako kuphatikiza zonse.

Tiyese ndi zitsanzo ziwiri, (1, 2) ndi (3, 1). Njira yaitali ndi kusandutsa chilichonse (a, b) kukhala miyeso itatu, (a², √2ab, b²). Choyamba chikhala (1, 2√2, 4), chachiwiri (9, 3√2, 1). Kufanana kwake ndi 9 + 12 + 4, ndiye kuti 25. Njira yachidule ndi kusasintha kalikonse: 1×3 + 2×1 ndi 5, ndipo 5×5 ndi 25. Yankho ndi lomwelo, koma miyeso itatu ija sitinaiwerengere n'komwe. Lamulo lachiduleli ndilo kenelo. Pa chithunzi chija, kuchulukitsa 256 ndi kumodzi kowonjezera kumagwira ntchito ya kuchulukitsa 32,896. Kenelo yotchuka kwambiri, ya RBF, imayeza kuyandikana kwa zitsanzo, ndipo miyeso imene imaimira ilibe polekezera, moti popanda chidulechi palibe kompyuta imene ikanakwanitsa.

Mphamvu yotere ili ndi choopsa chake. Malire amene angakhote paliponse angathenso kuzungulira cholakwa. Tinene kuti kalaliki analemba thumba la 50 ngati lokanidwa. Makina oumirira kukhoza zonse adzamanga kachilumba kozungulira 50, ndipo mawa adzabweza matumba abwino. Mu 1995 Corinna Cortes ndi Vapnik anafalitsa njira ya majini yofewa, imene imalola zitsanzo zina kulowa mumsewu kapena kukhala mbali yolakwika, koma pa mtengo wake. Mu pulogalamu ya scikit-learn zimalembedwa motere:

```python
SVC(kernel="rbf", C=1.0, gamma="scale")
```

`C` ndiye mtengo wa cholakwa. Akakula, makina amaopa kulakwa, msewu umachepa, malire n'kumakhotakhota. Akachepa kwambiri, msewu umatakata mpaka kumeza kusiyana kwenikweni. `gamma` amanena kutalika kwa pamene chitsanzo chimodzi chimamveka. Akakulitsa, chitsanzo chilichonse chimangolamulira pamene chaima. Kuti mudziwe ngati zalakwika, bisani gawo lina la zitsanzo pophunzitsa, n'kuyesera makinawo pa gawolo. Akakhoza zonse zimene anaziona koma n'kulephera zobisidwazo, ndiye kuti angoloweza. Chizindikiro china ndi kuchuluka kwa masapoti vekita: ngati pafupifupi chitsanzo chilichonse chasanduka sapoti vekita, chepetsani `gamma` muyesenso.

Vuto lina limene limagwetsa oyamba kumene ndi miyeso yosiyana kukula. Mukaika kulemera m'magalamu, monga 50,000, pamodzi ndi chinyezi cha chimanga, monga 13 pa 100, kenelo idzangomva magalamu. Miyeso yonse iyenera kuyamba yalinganizidwa kukula kwake.

Chidulechi chili ndi malipiro akenso. Popeza kenelo imafananiza zitsanzo ziwiriziwiri, ntchito imakula msanga zitsanzo zikachuluka. Tebulo la kufanana kwa zitsanzo 1,000 lili ndi manambala miliyoni imodzi, koma la zitsanzo 100,000 lili ndi 10 biliyoni. N'chifukwa chake SVM ya kenelo imagwira bwino pa zitsanzo mazana kapena masauzande ochepa, monga zimene wofufuza wa zaulimi kapena zaumoyo angasonkhanitse, ndipo deta ikafika m'mamiliyoni anthu amatembenukira ku SVM ya mzere wowongoka kapena ku njira zina.