Ngongole Yakale ya Msonkho: Kalata Yopempha Kulipira Mwezi ndi Mwezi

Ochita malonda ambiri amakumbukira ngongole yakale ya msonkho tsiku limene akufuna chikalata chotsimikizira kuti alibe ngongole ku MRA, chija amafunsa popikisana pa ntchito za boma. Ena amaidziwa banki ikawauza kuti yalamulidwa kuchotsa ndalama mu akaunti yawo, pakuti lamulo limalola bungweli kutolera msonkho kudzera kwa amene akusunga ndalama zanu. Zisanafike pamenepo, munthu angathe kulembera MRA kalata yopempha kuti azibweza ngongoleyo pang'onopang'ono.

Musanagwire cholembera, pitani ku ofesi imene imayang'anira TPIN yanu mukapemphe sitetimenti ya ngongole yonse, kapena muione pa Msonkho Online. Ngongole yakale imakhala ndi msonkho weniweniwo, zilango, ndi chiwongoladzanja. Yerekezani ndi malisiti anu a kubanki, chifukwa zimachitika kuti ndalama munalipira koma zinalembedwa pa mwezi wina kapena pa mtundu wina wa msonkho. Ngati simukugwirizana ndi chiwerengerocho, imeneyo ndi nkhani ya kalata ina yotsutsa, yomwe ili ndi nthawi yake yoikika. Kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono ndi ya ndalama zimene mwavomera kuti ndi ngongole yanu.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa simenti ndi malata ku Limbe. Sitetimenti ikuonetsa K6,000,000: VAT ya K4,200,000 imene sanapereke, ndi K1,800,000 ya zilango ndi chiwongoladzanja. Akalipira lendi, antchito, katundu ndi msonkho wa mwezi umenewo, amatsala ndi pafupifupi K650,000. Koma nthawi ya dzinja, anthu akaleka kumanga n'kuika ndalama ku feteleza ndi fizi, amatsala ndi K450,000 yokha.

Apa ndiye pamene ambiri amagwa. Pofuna kuoneka odzipereka, amalonjeza K650,000 pamwezi, ndipo Januwale akafika lonjezo limasweka. Mgwirizano ukasweka, bungweli lingathe kufuna ngongole yonse nthawi imodzi, ndipo pempho lachiwiri silimveka msanga ngati loyamba. Ine ndimalangiza kuti chiwerengero chichokere pa mwezi wovuta kwambiri. Mayiyu alonjeze K1,200,000 yoyambira, kenako K400,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 12. Zonse pamodzi zikukwana K6,000,000, ndipo ngakhale mu Febuluwale sangalephere.

Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, yopita kwa Komishonala Wamkulu kudzera ku ofesi yanu. Pamwamba pakhale dzina la bizinesi ndi TPIN, mtundu wa msonkho, miyezi imene ngongole inachokera, ndi ndalama zonse monga zilili pa sitetimenti. Chifukwa chimene munalepherera chifotokozedwe m'ziganizo ziwiri kapena zitatu zoona zokhazokha, monga kuti kasitomala wamkulu anachedwa kulipira, ndipo umboni wake uphatikizidwe. Musatalikitse madandaulo, makamaka pa VAT ndi PAYE, chifukwa zimenezi ndi ndalama zimene munatolera kwa ogula ndi kwa antchito m'malo mwa boma. Ofesala akufuna kuona masiku ndi manambala. Mayi uja angalembe kuti: "Ndikupempha kulipira K1,200,000 pa 30 Juni, kenako K400,000 pa 30 mwezi uliwonse, kupatula Febuluwale pamene ndidzalipira pa 28, kuyambira Julayi mpaka ngongole itatha." Aphatikizepo masitetimenti a kubanki a miyezi ingapo yapitayo, kuti ofesala adzionere yekha kuti K400,000 si chiwerengero chongopeka.

Chiganizo china chimene sichiyenera kusowa ndi lonjezo loti msonkho watsopano uzilipidwa pa nthawi yake: PAYE pofika pa 14 ndi VAT pofika pa 25 mwezi wotsatira. Palibe amene angavomere kuti muzitseka ngongole yakale kwinaku mukuyamba ina. Ngati pali mafomu a msonkho a miyezi yam'mbuyo amene simunapereke, aperekeni kaye, apo ayi chiwerengero cha ngongole chidzasintha muli pakati pa mgwirizano.

Mufunsenso m'kalatamo ngati chiwongoladzanja chizipitirira kuwerengedwa pa ndalama zotsala, ndi kuti chidzakwana zingati. Ambiri amadabwa atamaliza miyezi yawo 12 n'kupeza kuti padakali kangongole. Mungapemphenso kuti zilango zichepetsedwe, koma kuvomera kapena kukana kuli m'manja mwa bungweli, choncho musawerengere pamenepo pokonza ndondomeko yanu.

Popereka kalata, tengani makope awiri kuti ina aidinde chidindo cha tsikulo mubwerere nayo. Kalata yongoperekedwa siimitsa kutolera msonkho, ndipo mawu apakamwa a ofesala si mgwirizano, kotero limbikirani kufunsa mpaka mutalandira yankho lolembedwa. Podikirapo yambani kulipira monga munalonjezera, ndipo mukalipira onani pa sitetimenti kuti ndalamazo zalowa pa ngongole yakaleyo osati pa msonkho wa mwezi uno.