Mkwatibwi akapempha tsitsi ndi velo zina pa zithunzi zaukwati

Ukwati unatha, perekaniperekani anayenda bwino, alendo anabwerera kwawo. Patapita milungu ingapo wojambula akutumiza zithunzi, ndipo mkwatibwi atazipenda akulemba kalata. Akuyamba ndi ulemu wonse, kuthokoza bambo wojambulayo chifukwa cha ntchito yabwino, kenako akufika pa chimene chamudya moyo. Tsitsi limene anamumanga ku saluni m'mawa wa tsikulo analikokera kumbuyo n'kulimanga mfundo pamwamba, ndipo iye akuona kuti mphumi yaonekera kwambiri. Velo inali yaifupi, yolekeza m'mapewa. Akupempha kuti pa zithunzi zonse tsitsilo likhale lomasuka, logwera m'mapewa, ndipo velo ikhale yaitali yokwekwereza pansi.

Pempho lotere ojambula amaukwati amakumana nalo, ndipo si lachibwana. Zithunzizi zidzakhala pakhoma la pabalaza zaka zambiri, ndipo amene adzaziyang'ane kwambiri ndi mwiniwakeyo. Koma mkwatibwi asanakhumudwe ndi yankho la wojambula, ndi bwino kudziwa chimene chimachitika pa kompyuta munthu akamasintha tsitsi kapena velo, chifukwa mbali zina za pempholi n'zotheka, zina n'zodula, ndipo zina zikhoza kuwononga chithunzi chimene chinali chabwino kale.

Chiyambi cha nkhani yonse n'chakuti kamera imasunga zokhazo zimene inaona. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri ta mitundu yosiyanasiyana, ndipo kuseri kwa timadonthoto kulibe kanthu. Ngati mfundo ya tsitsi inaphimba zenera la tchalitchi kapena phewa la mkwati, wojambula akaichotsa samapeza zenera kapena phewa likumudikira. Amapeza malo opanda kanthu, ndipo ayenera kupanga yekha chimene chinabisikacho. Mu pulogalamu ya Photoshop, imene kampani ya Adobe inayamba kugulitsa mu 1990, amagwiritsa ntchito chida chotchedwa Clone Stamp, chimene chimatapa timadontho pamalo ena a chithunzi n'kutipaka pamalo ofunika kutseka. Ngati kumbuyo kuli khoma la mtundu umodzi kapena thambo, ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa. Ngati kumbuyo kuli nkhope za ankhoswe, maluwa, kapena ndalama zikuuluka pa perekaniperekani, imasanduka ntchito ya maola.

Pa mbali iyi mkwatibwi wathu ali ndi mwayi pang'ono. Kuchoka pa tsitsi lomanga kupita pa tsitsi lomasuka kumatanthauza kuwonjezera, ndipo tsitsi latsopano limaphimba khosi ndi makutu. Amene amapempha zosiyana ndi izi, kuti tsitsi logwera m'mapewa likhale lomanga, amafuna kuti wojambula apange makutu, ndolo, khosi ndi kolala ya diresi zimene kamera sinazione n'komwe.

Komabe tsitsi latsopanolo liyenera kuchokera kwinakwake. Wojambula amalidula pa chithunzi china, makamaka cha mkwatibwi yemweyo ngati ali nacho chimene anamanga tsitsi lotero, mwina cha pachinkhoswe. Amaliika pamwamba pa chithunzi chaukwati ngati chipepala choonekera mkati, chimene pa kompyuta chimalembedwa kuti Layer, kenako n'kumabisa mbali zosafunika pogwiritsa ntchito Layer Mask. Kuti diso likhulupirire, zinthu zitatu ziyenera kugwirizana. Mutu uyenera kupendekeka mofanana pa zithunzi ziwirizo, chifukwa tsitsi lojambulidwa munthu atayang'ana kutsogolo silingakhale pa mutu woyang'ana cham'mbali. Kuwala kuyenera kuchokera mbali imodzi: ngati dzuwa linali kumanzere kwa mkwatibwi, tsitsi lonyezimira kumanja limaulula zonse. Chachitatu ndi mthunzi. Tsitsi logwera m'mapewa limachititsa mthunzi pa tsaya, pakhosi ndi pa diresi, ndipo wojambula ayenera kuujambula ndi dzanja. Akauiwala, tsitsilo limaoneka ngati loyandama pamwamba pa munthu.

Malo ovuta kwambiri ndi m'mphepete. Tsitsi lenileni, kaya lachilengedwe, loluka kapena wigi, limakhala ndi tiulusi totuluka m'mbali timene kuwala kumadutsamo. Likadulidwa mwachangu, mphepete mwake mumakhala mosalala ngati modula ndi lumo, kapena mumatsala kamzere kowala kochokera pa chithunzi chakale. Pamene tsitsi limakumana ndi mphumi ndi pamene anthu amayang'ana poyamba, ndipo kulakwitsa pang'ono pamenepo kumasintha maonekedwe a nkhope yonse.

Velo ili ndi vuto lakelake. Imasokedwa ndi nsalu yopyapyala ya timaenje ting'onoting'ono, yoonekera mkati, choncho pa chithunzi mtundu wa velo ndi mtundu wa chimene chili kuseri kwake zimasakanikirana m'timadontho tomwetomweto. Kuchotsa velo yakale ndi kubwezeretsa mtundu weniweni wa khungu, wa leisi ya diresi ndi wa suti ya mkwati paliponse pamene veloyo inadutsa. Kuwonjezera velo yaitali n'kosavutirako, makamaka pa chithunzi chojambulidwa chakumbuyo kapena cham'mbali, mkwatibwi ali yekha pabwalo. Velo zazitali kwambiri zimafika mamita pafupifupi atatu, choncho iyenera kugona pansi motsatira masitepe kapena udzu, kupindika pamene yakhudza diresi, ndiponso kudutsa kuseri kwa mapazi a aliyense amene waima pafupi. Pa chithunzi cha gulu, pamene operekeza aima mothithikana, velo yotere ilibe pogona.

Tsopano tiwerenge ntchitoyo. Tiyerekeze kuti wojambula anapereka zithunzi 400, ndipo mkwatibwi akuoneka pa zithunzi 250. Tiyerekezenso kuti kusintha tsitsi ndi velo mosamala pa chithunzi chimodzi kukutenga maola awiri. Amenewo ndi maola 500, ndipo munthu wogwira ntchito maola 8 pa tsiku angathe masiku oposa 60 ali pa ntchito imeneyi yokha. Palibe njira yachidule yosinthira zonse pakamodzi, monga mmene amachitira powalitsa zithunzi kapena pokonza mitundu, chifukwa pa chithunzi chilichonse mutu unatembenuka mwina ndipo kuwala kunagwa mwina. Ngakhale atapirira n'kumaliza, tsitsilo liyenera kukhala lofanana kutalika ndi kagonedwe kuyambira tsamba loyamba la alubamu mpaka lomaliza. Vidiyo yaukwati ndi zithunzi zimene achibale anajambula pa mafoni awo zidzapitiriza kuonetsa tsitsi lenileni.

Kuti zolakwika zing'onozing'ono zimaoneka ngakhale pa zithunzi za anthu otchuka, dziko linaona mu Malichi 2024. Banja lachifumu la ku Britain linatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Kalonga William, ali ndi ana ake atatu. Pasanathe tsiku, mabungwe a nkhani monga Associated Press ndi Reuters anachichotsa ponena kuti chinasinthidwa. Chimodzi mwa zimene zinaulula chinali mkono wa juzi ya mwana wake Charlotte, umene sunalumikizane bwino pafupi ndi dzanja, ndipo anthu ena analozanso zipi ya jekete ya mayiyo imene inaoneka yoduka. Tsiku lotsatira Catherine anapepesa n'kuvomera kuti nthawi zina amasintha yekha zithunzi. Kusinthako kunali kochepa kwambiri poyerekeza ndi kusintha tsitsi lonse.

Nanga wojambula wanzeru amayankha bwanji kalata ija? Amagawa pempholo patatu. Zimene angachite msanga amazivomera: kuchotsa tiulusi ta tsitsi togwera pankhope, kubisa mapini oonekera, kutseka kamzere ka guluu wa wigi pamphumi, kuchepetsa kunyezimira kwa mphumi, ndi kukweza kapena kutsitsa pang'ono mfundo ya tsitsi ndi chida cha Liquify, chimene chimakankha timadontho osawonjezera chatsopano. Kusintha kwakukulu amakulola pa zithunzi ziwiri kapena zitatu zokha zimene zidzaikidwe m'felemu, zosankhidwa chifukwa kumbuyo kwake kuli koyera, ndipo amatchuliratu mtengo wa chithunzi chilichonse. Amayamba ndi chimodzi ngati chitsanzo, kuti mkwatibwi aone asanalipire zinazo. Pomaliza amapereka njira imene nthawi zambiri imakhala yotchipa ndi yokongola kuposa zonse: kujambulanso. Mkwatibwi amapita ku saluni kukamanga tsitsi limene akufuna, amabwereka velo yaitali kwa obwereketsa madiresi, mkwati amavalanso suti yake, ndipo mu ola limodzi kapena awiri dzuwa litapendeka amapeza zithunzi zambiri zimene tsitsi, velo, kuwala ndi mthunzi zonse ndi zenizeni.

Kuvalanso zaukwati tsiku litadutsa si chinthu chachilendo. Mfumukazi Victoria, imene inakwatiwa mu 1840 itavala diresi yoyera n'kuthandiza kutchukitsa mwambo umenewu, inavalanso diresi ndi velo yake mu 1847 kuti katswiri wa zojambulajambula Franz Xaver Winterhalter aijambule. Chithunzicho chinali mphatso kwa mwamuna wake Albert pokumbukira tsiku la ukwati wawo.

Ngati mkwatibwi wasankhabe kusintha pa kompyuta, ntchitoyo ichitikire pa chithunzi choyambirira chimene chili ndi wojambula, makamaka fayilo ya RAW, imene imasunga zonse zimene kamera inatola. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp mwa njira wamba chimakhala chitachepetsedwa, ndipo tiulusi ta tsitsi ndi timaenje ta velo timakhala titafufutika kale. Kuti chithunzi cha masentimita 20 ndi 30 chitsukidwe chooneka bwino, chimafunika timadontho pafupifupi 2,400 m'lifupi ndi 3,600 m'litali. Potumizirana, asankhe pamene palembedwa Document kuti fayilo ifike yathunthu.

Chitsanzo chikafika, musachiweruze pa foni. Chitseguleni pa kompyuta, chikulitseni mpaka 100%, ndipo muyang'ane pamphumi, kuseri kwa makutu, pamene tsitsi lagona paphewa ndi pamene velo yakhudza pansi. Onani ngati mizere ya zitseko kapena njerwa kumbuyo kwa mutu yapindika, ndiponso ngati duwa kapena tsamba limodzi likuoneka kawiri. Muuzeni wojambula asunge chithunzi choyambirira padera, ndipo mugwirizane polemba chiwerengero cha zithunzi, mtengo wa chilichonse ndi tsiku lomalizira ntchito musanapereke ndalama.