Foni ikamanama za moto wa batire

Foni ikuonetsa kuti moto uli pa 30 peresenti. Mwangoyatsa kamera, nambala yagwera pa 5, posakhalitsa foni yazima. Ambiri amathamangira kunena kuti tchaja ndi yabodza, koma nthawi zambiri vuto limakhala pa kawerengedwe.

Palibe njira yosuzumira m'batire n'kuona moto wotsala. M'foni muli kachipangizo kamene kamawerengera magetsi olowa potchaja ndi otuluka pogwiritsa ntchito, monga wagolosale wolemba m'kope katundu wobwera ndi wogulidwa koma osawerenga zimene zili pashelefu. Tizolakwika ting'onoting'ono timaunjikana. Kachipangizoka kamadzikonza bwino batire ikadzaza kapena ikatheratu, chifukwa kumalekezero kumeneko mavoti ake amasintha moonekera, pamene pakatikati amangokhala pafupifupi chimodzimodzi. Ndiye foni yotchajidwa mwa apo ndi apo, magetsi akangobwera pang'ono n'kuzimanso, imatha nthawi yaitali isanapeze mpata wodzikonza.

Kukalamba kwa batire ndiye kumakulitsa vutoli. Tiyerekeze batire yolembedwa 4000 mAh, imene itatumikira zaka tsopano ikusunga 3000 yokha, koma kachipangizo kakuwerengerabe 4000. Mukagwiritsa ntchito 2800, iko kamati patsala 1200, ndiye kamalemba 30 peresenti. Zoona zake patsala 200 basi. Kamera ikakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, mavoti a batire yotopayo amatsika mwadzidzidzi, foni n'kuzindikira kuti yatha. Moto sunathawe pamenepo ayi, unali utatha kale. Kuzizira nako kumachititsa zomwezi, n'chifukwa chake foni yotere imavuta kwambiri m'mamawa wa mu Juni.

Nambala ikaima pa 1 peresenti kwa nthawi yaitali foni ikugwirabe ntchito, kulakwitsa kwake ndi kwa mbali inayo: kachipangizo kawerengera moto wochepa kuposa umene ulipo.

Kukonza kwake sikulira ndalama. Gwiritsani ntchito foni mpaka izime yokha, kenako itchajeni osaidukiza mpaka 100 peresenti, ndipo ikhalebe pa tchaja ola lina. Osazolowera kuchita izi sabata iliyonse, poti kukhetseratu moto kumafooketsa batire ya lifiyamu. Dziwaninso kuti njirayi imangowongola nambala, siibwezera batire mphamvu zimene inataya. Timapulogalamu tolonjeza kutsitsimutsa batire musataye nato nthawi.

Mukatero nambala n'kumalumphabe, batire yatha ntchito. Pa iPhone onani pa Settings > Battery > Battery Health. Ikatsika kupitirira 80 peresenti, nthawi yosintha yakwana. Koma mukaona chivundikiro chakumbuyo chikutukuka kapena sikirini ikunyamuka, batire yafufuma ndipo ikhoza kuyaka. Musaitchajenso, musaiboole, pitani nayo kwa wokonza mafoni tsiku lomwelo.