Nyimbo ya Kuwerenga Nkhuku

Kodi muli ndi mng'ono wanu kapena mlongo wanu wamng'ono amene sanayambe sukulu? Kodi adziwa kuwerenga zinthu? Inu tsopano muli mu Giredi 3. Mungathe kumuphunzitsa manambala kuyambira pa 1 kufika pa 10. Simufunika buku kapena coko. Mufunika manja awiri ndi kanyimbo kakafupi cabe.

Nyimbo yathu ndi ya nkhuku zimene zilowa m'khola madzulo. Mwana mmodzi ayambitsa, ena onse ayankha. Werengani mau ake poyamba, kenaka muimbe pamodzi ndi aphunzitsi anu.

Woyambitsa: Nkhuku zanga, lowani m'khola!
Onse: Dzuwa lalowa!
Woyambitsa: Zalowa zingati?
Onse: Imodzi, ziwiri, zitatu, zinai, zisanu!
Woyambitsa: Dzanja latha!
Onse: Bweretsa lina!
Woyambitsa: Zalowa zingati?
Onse: Zisanu ndi imodzi,
zisanu ndi ziwiri,
zisanu ndi zitatu,
zisanu ndi zinai,
khumi!
Woyambitsa: Manja atha!
Onse: Tseka khola!

Kaimbidwe kake

Nyimbo iyi siimbidwa ndi pakamwa pokha. Zala nazo zigwira nchito. Tambasulani dzanja limodzi. Pamene munena kuti "imodzi", pindani kacala kakang'ono. Pamene munena kuti "ziwiri", pindani cala cotsatira. Pitirizani motero mpaka pa cala cacikulu. Mukafika pa "zisanu", zala zonse zapindika ndipo dzanja lanu lakhala nkhonya. Ndiye cifukwa cake tiimba kuti, "Dzanja latha!"

Musatambasule nkhonya ija. Isiyeni ili yopinda, cifukwa yasunga nkhuku zisanu. Tsopano kwezani dzanja lina, muyambenso ndi kacala kakang'ono. Pa "khumi" mudzakhala ndi nkhonya ziwiri. Zigundanitseni kamodzi ndi kufuula kuti, "Tseka khola!"

Pali lamulo limodzi lofunika kulisunga. Nkhuku imodzi itenga cala cimodzi ndi nambala imodzi.

Cifukwa ciani nyimbo ipuma pa 5?

Yang'anani bwino manambala a m'Cinyanja. Manambala 1, 2, 3, 4 ndi 5 ali ndi maina ao-ao. Koma 6 alibe dzina lacilendo. Timunena pophatikiza manambala awiri amene tiwadziwa kale. Tinena kuti "zisanu ndi imodzi". Ici citanthauza 5 kuonjezapo 1. Nayenso 7 ndi "zisanu ndi ziwiri", kutanthauza 5 kuonjezapo 2. Ndi cimodzi-modzi ndi 8 ndi 9. Dzina latsopano libweranso pa 10, ndilo "khumi".

Mwaona? Cinyanja ciwerenga monga mmene manja athu alili. Dzanja limodzi likatha, tilisunga ndi kuyamba lina. Mwana amene wadziwa manambala asanu oyamba wadziwa kale mbali yaikulu ya nyimbo. Catsala ndi kuika mau akuti "zisanu ndi" patsogolo, ndi kuphunzira liu limodzi lakuti "khumi".

Ambiri a ife pamsika kapena m'basi tinena kuti "sikisi", "seveni", "eyiti". Mau amenewa anacokera ku Cingelezi ndipo ndi afupi. Koma "eyiti" satiuza zimene zili m'kati mwa 8. Mau akuti "zisanu ndi zitatu" atiuza kuti 8 ndi 5 na 3. Mukaimba nyimbo iyi, mukucita kale masamu a kuonkhetsa.

Misozi aphunzitsa Tisa

Misozi ndi mtsikana wa mu Giredi 3. Akhala ndi ambuye ake kumudzi, kufupi ndi Katete. Mng'ono wake Tisa ali ndi zaka zisanu. Ambuye ali ndi nkhuku 8. Madzulo alionse nkhukuzi zifunika kuwerengedwa khola lisanatsekedwe. Nkhuku ikagona panja, bvumbwe angathe kuigwira usiku.

Tsiku lina Misozi anaphunzitsa Tisa nyimbo ija. Madzulo onse awiri anakaima pakhomo pa khola. Tisa anayamba kuimba mothamanga kwambiri. Posacedwa anafuula kuti, "Khumi! Tseka khola!"

"Iwe Tisa, khumi bwanji?" anafunsa Misozi. "Ambuye ali ndi nkhuku 8 cabe. Ndiponso taona, zina zikali panja."

Tisa anaimba mau onse bwino, koma sanawerenge. Pakamwa pake panathamanga kusiya nkhuku kumbuyo. Uku ndiko kulakwa koyamba kumene ana aang'ono acita. Misozi anati, "Usachule nambala nkhuku isanalowe. Yembekeza ilowe, upinde cala, ndiye uimbe."

Nkhuku zitalowa zonse, Misozi anatola timiyala khumi kuti Tisa ayeserere. Anali kuponya kamwala kamodzi-kamodzi m'mbale monga nkhuku yolowa m'khola. Dzanja loyamba linayenda bwino. Koma pa dzanja laciwiri zala za Tisa zinatha msanga, nyimbo isanafike pa "khumi".

"A Misozi, zala zanga zacepa!" anadandaula Tisa.

Misozi anaseka. "Iyai, zala zako n'zokwana. Imbanso ndione."

Tisa anaimba kuti "zisanu ndi imodzi" ndi kupinda zala ziwiri. Anaganiza kuti "zisanu" ifuna cala cake, "imodzi" nayo cala cake. Uku ndiko kulakwa kwaciwiri. Misozi anagwira nkhonya ya Tisa nati, "Zisanu zili kale muno. Sitizipindanso. Mau ndi atali, koma nambala ndi imodzi. Pinda cala cimodzi cabe."

Inunso mungathe kudziwa ngati mng'ono wanu walakwitsa. Yang'anani zala zake. Ngati zatha asanafike pa "khumi", ndiye kuti anapinda ziwiri pa nambala imodzi. Ngati wafika pa "khumi" koma cala cina cikali coimirira, ndiye kuti analumpha nambala kapena anaiwala kupinda. Mau ndi zala zifunika kuthera pamodzi.

M'mawa mwake madzulo, Tisa anaimanso pakhola. Tsopano anali kuyembekeza nkhuku iliyonse. "Imodzi, ziwiri, zitatu, zinai, zisanu! Dzanja latha! Zisanu ndi imodzi. Zisanu ndi ziwiri." Anayembekeza, koma sipanabwere ina.

"Ndipitirize mpaka khumi?" anafunsa Tisa.

"Iyai," anayankha Misozi. "Nkhuku zikatha, nyimbo nayo iima. Nambala imene wathera ndiyo yankho. Zalowa zingati?"

Tisa anayang'ana manja ake. Anali ndi nkhonya imodzi ndi zala ziwiri zopinda. "Zisanu ndi ziwiri," anatero.

Zimenezo ndi nkhuku 7, koma za ambuye ndi 8. Tisa anathamangira kukhichini. "Ambuye! Ambuye! Nkhuku imodzi kulibe!"

Onse atatu anayamba kufuna-funa kusanade. Anayang'ana kuseri kwa nyumba ndi m'maudzu. Pomaliza anaipeza kunsi kwa nkhokwe. Unali msoti wakuda, utakhala phee pa mazira ake. Ambuye anaunyamula pamodzi ndi mazira ndi kuuika m'khola. "Wacita bwino, mdzukulu wanga," anatero ambuye. "Tikanatseka osawerenga, bvumbwe akanadya nkhuku ndi mazira omwe."

Nyimbo isintha ndi cinthu cimene tiwerenga

Tisa anafuna kuwerenganso mazira aja. Anayamba kuti, "Dzira imodzi, mazira ziwiri." Ambuye anaseka. Kodi inu mwamva pamene palakwika? Sitinena kuti "dzira imodzi". Tinena kuti "dzira limodzi". Sitinena kuti "mazira ziwiri". Tinena kuti "mazira awiri".

M'Cinyanja kumayambiriro kwa nambala kusintha kulingana ndi cinthu cimene tiwerenga. Kumapeto sikusintha. Mvetserani izi:

nkhuku imodzi, nkhuku ziwiri
dzira limodzi, mazira awiri
mwana mmodzi, ana awiri
mtengo umodzi, mitengo iwiri

Conco nyimbo ya mazira iyenda motere: limodzi, awiri, atatu, anai, asanu. Funso nalo lisintha. Sitifunsa kuti "zingati", tifunsa kuti "angati". Mazira a msoti uja anali 6. Misozi anathandiza Tisa kunena kuti, "asanu ndi limodzi". Onani kuti 1 wa kumapeto abwerera ku "limodzi", cifukwa dzira loonjezapo ndi limodzi. Koma "khumi" sasintha konse. Tinena kuti nkhuku khumi, mazira khumi, ana khumi.

Pophunzitsa mwana wamng'ono, musafulumire kusintha nyimbo. Yambani ndi nkhuku zokha, ndiponso ndi dzanja limodzi lokha. Akadziwa bwino 1 mpaka 5, bweretsani dzanja lina. Mazira ndi mitengo zibwere pambuyo.

Mau oyenera kudziwa

nkhonya: dzanja limene zala zake zonse zapindidwa
bvumbwe: nyama ya kuthengo yonga cona, imene igwira nkhuku
msoti: nkhuku yaikazi imene yangoyamba kuikira mazira
kuonkhetsa: kuphatikiza manambala pamodzi

Yankhani mafunso awa

1. Tiimba mau ati tikafika pa nambala 5?
2. N'cifukwa ciani sititambasula nkhonya yoyamba?
3. N'cifukwa ciani zala za Tisa zinatha asanafike pa "khumi"?
4. Tisa anadziwa bwanji kuti nkhuku imodzi yasowa?
5. Lembani manambala awa m'mau, monga kuti muwerenga nkhuku: 4, 6, 9.
6. Konzani mau awa: mitengo ziwiri, dzira imodzi, ana zitatu.

Zocita

Khalani awiri-awiri. Tolani timiyala khumi. Mmodzi abise tina m'thumba, ndipo totsala aziponya kamodzi-kamodzi m'mbale. Winayo aimbe nyimbo uku akupinda zala. Timiyala tikatha, anene nkhuku zimene zalowa ndi zimene zasowa. Kenaka sinthanani.

Mukafika kunyumba lero, phunzitsani mwana wamng'ono dzanja loyamba la nyimbo iyi. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi nambala imene inamuvuta, ndi mmene munamuthandizira.