Kodi Nyenyezi Zinganene Chaka cha Ukwati?

Openda nyenyezi a ku Ulaya ndi America akafunsidwa za ukwati, amayamba ndi tchati chosonyeza pomwe mapulaneti anali munthu akubadwa. Tchaticho amachigawa m'nyumba 12, ndipo yachisanu ndi chiwiri ndiyo ya banja.

Njira yoyamba ndi tiranziti, kutsatira pomwe mapulaneti ali lero. Jupita amazungulira dzuwa pa zaka pafupifupi 12, choncho amatha pafupifupi chaka m'nyumba iliyonse. Akalowa m'nyumba ya banja, amati wachikondi wayandikira.

Yachiwiri ndi pulogireshoni, pomwe tsiku limodzi munthu atabadwa limaimira chaka chathunthu. Ngati mtsikana anabadwa pa 1 Malichi 1995, za chaka chomwe akukwanitsa zaka 30 amaziwerenga pa thambo la pa 31 Malichi 1995, kuona ngati Venasi kapena mwezi wafika pakhomo la nyumbayo.

Vuto ndi lakuti kuphonya nthawi yobadwira ndi mphindi 4 zokha kumasuntha khomolo pafupifupi digiri imodzi. Komanso Jupita amadutsa m'nyumbayi kwa aliyense, wapabanja ndi mbeta yemwe. Sayansi sinapeze umboni woti njirazi zimalosera molondola, choncho musakane kapena kulola munthu chifukwa cha tchati.